Mbali yosowa ya trapeziyamu: chifukwa chake yankho ndi 9, osati −3

"Aphunzitsi, mwana wanga ali Fomu 2, ndipo usiku wathawu tinalimbana ndi samu iyi: trapeziyamu ili ndi eliya ya 84 cm², msinkhu wake ndi 7 cm, mbali imodzi ya paralelo ndi 15 cm, tipeze inzakeyo. Ine ndinagawa 84 ndi 7, n'kuchotsera 15, ndinapeza −3. Mwanayo anapeza 21.9. Kumapeto kwa buku alemba 9. Talakwitsa pati? Nanga njirayi ingagwire ntchito pa munda weniweni?"

Amayi, bukulo lanena zoona, koma inu munafika pakhomo penipeni pa yankho. 12 imene inatuluka mutagawa ija musaitaye, ndiyo nambala yofunika kuposa zonse pa samu imeneyi. Chimene chinavuta n'chakuti munaitenga ngati mbali ziwiri zowonkhetsedwa pamodzi, pomwe iyo ndi avereji ya mbali ziwirizo.

Tiyambe tagwirizana pa chinthu chimene tikuyezachi. Trapeziyamu ili ndi mbali zinayi, ndipo ziwiri mwa izo zimayendera limodzi ngati zitsulo za njanji: ngakhale mutazitalikitsa bwanji sizikumana, mpata wa pakati pawo ndi womwewo paliponse. Zimenezi ndi zomwe kusukulu amati mbali za paralelo, ndipo timazilemba a ndi b. Mbali ziwiri zotsalazo zimangotseka m'mphepete, zikhoza kupendekeka mmene zafunira. Mukaiyang'ana ndowa chambali, kukamwa kwake ndi kunsi kwake ndiye a ndi b. Mukaima m'ngalande n'kuyang'ana kumene madzi akuchokera, pamwamba potambalala ndi pansi popapatiza ndiye a ndi b. Msinkhu, umene timaulemba h, ndi mpata wa pakati pa a ndi b woyezedwa mowongoka, mzere wake ukukhudza mbali zonse ziwiri pa ngodya ya madigiri 90. Si utali wa mbali yopendekeka ija ayi, ndipo zimenezi zidzatipeza kumunda kuja.

Fomula imene ili m'buku la mwana wanu ndi iyi:

A = ½ × (a + b) × h

Ana ambiri amailoweza ngati nyimbo, n'chifukwa chake ikatembenuzidwa amasokonezeka. Iwerengeni chonchi: wonkhetsani mbali ziwiri za paralelo, tengani theka lake, muchulukitse ndi msinkhu. Kuwonkhetsa zinthu ziwiri n'kutenga theka ndiko kupeza avereji. Choncho fomulayi ikungonena kuti trapeziyamu ili ndi malo ofanana ndi rekitango ya msinkhu womwewo, imene utali wake uli pakatikati pa mbali yaitali ndi yaifupi. Avereji imeneyi mukhoza kuikhudza ndi chala. Pezani pakati pa mbali yopendekeka yakumanzere, pezani pakati pa yakumanja, lumikizani madontho awiriwo ndi rula. Mzere umenewo utali wake ndi theka la a + b nthawi zonse. Alembi a ku Iguputo ankawerenga chimodzimodzi: mu gumbwa la masamu la Rhind, limene linakopedwa cha m'ma 1550 Khristu asanabadwe, muli samu ya malo a mbali 6 ndi 4, ndipo mlembiyo awonkhetsa kupeza 10, atenga theka lake 5, kenako achulukitsa ndi 20 kupeza 100.

Tsono bwererani ku 12 yanu. Eliya ndi avereji kuchulukitsa ndi msinkhu, ndiye mukagawa eliya ndi msinkhu chotsala ndi avereji, 84 ÷ 7 = 12. Mzere wapakati uja ndi masentimita 12. Mbali imene mwapatsidwa ndi 15, yapitirira mzere wapakatiwo ndi 3. Kuti avereji ikhalebe 12, inzakeyo iyenera kuperewera ndi 3 yemweyo, ndipo 12 − 3 = 9. Mukuona kuti −3 yanu sinachokere kutchire. Imakuuzani kuti mbali yosowayo ili masitepe atatu kumunsi kwa avereji, kungoti munaima pamenepo n'kuitenga ngati utali wa mbaliyo. Manambala atatuwa, 9, 12 ndi 15, atalikirana mofanana, ndipo pa trapeziyamu iliyonse mbali yaifupi, mzere wapakati ndi mbali yaitali zimakhala choncho.

Kuti mwanayo aone ndi maso kumene ½ ikuchokera, tengani katoni yakale ndi sizasi. Jambulani mzere wa masentimita 15. Pamwamba pake, pa mpata wowongoka wa masentimita 7, jambulani wina wa masentimita 9 woyendera limodzi ndi woyambawo, muuike paliponse pamene mwafuna, chakumanzere kapena chakumanja. Lumikizani nsonga, dulani, ndipo dulaninso ina yofanana nayo ndendende. Yachiwiriyo muizungulize patebulopo mutu uloze pansi, musaigubuduze, kenako muigunditse ku inzake pa mbali zopendekeka zofanana. Chimene chatuluka ndi paralelogalamu. Pansi pake pali 15 ndi 9 zolumikizana, pamwamba pali 9 ndi 15, konse ndi masentimita 24, ndipo msinkhu udakali 7. Eliya ya paralelogalamu ndi utali wa pansi kuchulukitsa ndi msinkhu, 24 × 7 = 168. Koma mmenemo muli matrapeziyamu awiri, ndiye imodzi ndi theka, 84. Ntchito ya ½ ija ndi yomweyi basi. Mwana amene wagwira makatoni awiriwa saiwala kuchulukitsa eliya ndi 2, chifukwa akudziwa kuti akubwezeretsa katoni yachiwiri ija.

Pa mayeso amafuna njira yolembedwa mzere ndi mzere, ndiye nayi. Popita kutsogolo, mbali yosowayo b imachitidwa zinthu zitatu motsatana: iwonkhetsedwa ndi 15, zotsatirazo zichulukitsidwa ndi 7, kenako zigawidwa pawiri. Pobwerera muyenera kumasula mfundo imene inamangidwa pomaliza, monga mmene mumachitira ndi mtolo wa nkhuni: luzi lakunja liyambe lachoka musanasolole nkhuni ya m'kati.

84 = ½ × (15 + b) × 7

168 = (15 + b) × 7

24 = 15 + b

b = 9 cm

Mzere wachiwiri tachulukitsa mbali zonse ndi 2, wachitatu tagawa ndi 7, wachinayi tachotsera 15. Mwachidule, b = 2A ÷ h − a. Ine sindilimbikitsa kuti mwana aloweze fomula yachiwiriyi payokha. Akailoweza amaiwala ngati a ili pansi pa mzere wogawira kapena kunja kwake, ndipo kulakwitsa kwa mwana wanu kwagona pomwepo.

21.9 ija imatuluka motere. Anachulukitsa 84 ndi 2 n'kupeza 168, apo anachita bwino, ndipo mumuyamikire chifukwa ½ sanaiiwale. Kenako anachotsera 15 msanga n'kupeza 153, n'kugawa ndi 7. Wasolola nkhuni luzi lisanamasulidwe. Taganizani paralelogalamu ya katoni ija itadulidwa timizere 7, kalikonse kotambalala sentimita imodzi. Kamzere kalikonse kali ndi masikweya sentimita 24, ndiko kuti 15 ndi b pamodzi. Ndiye mu 168 muja 15 alimo kasanu ndi kawiri, osati kamodzi. Ngati mwana akufuna kuyamba ndi kuchotsera, ndi zololedwa ndithu, bola achotsere zonse: 15 × 7 = 105, kenako 168 − 105 = 63, ndipo 63 ÷ 7 = 9. Palinso chizindikiro china chimene chikanamuchenjeza. 168 ndi masikweya sentimita, pomwe 15 ndi masentimita wamba. Malo ndi utali sizichotserana, monga simungachotse mamita a nsalu pa malita a mafuta. Pokhapokha mutagawa eliya ndi msinkhu m'pamene mumatsala ndi masentimita, ndipo apo 15 ikhoza kuchotsedwa.

Chizolowezi chimene chingamupulumutse pa mayeso a JCE ndi kubweza yankho mu fomula asanapite ku funso lina. Sizitenga mphindi. Ndi 9 zikhala (15 + 9) ÷ 2 × 7 = 84, zagwirizana ndi funso. Ndi 21.9 zikhala pafupifupi 129, zomwe zili kutali ndi 84. Ngakhale asanawerenge n'komwe akhoza kuona: avereji ndi 12, mbali yodziwika ndi yaikulu kuposa 12, choncho yosowayo iyenera kukhala yaing'ono kuposa 12. Yankho lililonse lopitirira apo ndi lolakwika. Lamuloli limagwiranso mbali inayo. Mbali yopatsidwayo ikakhala yochepa kuposa A ÷ h, ndiye kuti mwapatsidwa yaifupi, ndipo mukufunafuna yaitali. Njira yake sisintha ngakhale pang'ono, chifukwa fomula sisankha kuti a ndi iti, b ndi iti.

Kakyuleta nayo imagwetsa ana. Ya sayansi imachita kuchulukitsa ndi kugawa isanawonkhetse, ndiye mwana akalemba 15 + 9 ÷ 2 × 7 popanda mabulaketi imupatsa 46.5, ndipo adzafufuta yankho lolondola poganiza kuti walakwitsa. Wina amafuna kugawa 84 ndi theka la 7 nthawi imodzi, n'kulemba 84 ÷ 0.5 × 7, kakyuleta n'kutulutsa 1176, chifukwa yagawa ndi 0.5 koma 7 ija yachulukitsa. Cholemba chosavuta ndi 2 × 84 ÷ 7, aone 24, ailembe papepala, kenako achotsere 15. Mzere wa 24 umenewo uzioneka pa pepala la mayeso, popeza wochonga amafuna kuona njira, osati yankho lokha. Akafuna kufufuza zambiri pa intaneti adziwe kuti Achimereka chinthu chomwechi amachilemba trapezoid.

Kumunda tsopano. Njirayi imagwira, koma munda sukhululuka ngati pepala. Tiyerekeze munda umene kutsogolo kwake kwatsata msewu wowongoka mamita 80. Malire akumbuyo ayendera limodzi ndi msewuwo pa mpata wa mamita 60. Malire akumanzere achoka pamsewu mowongoka, pa madigiri 90, pomwe akumanja apendekera m'kati. Pepala la mundawo likuti ndi masikweya mita 4,050, komwe kuli ekala imodzi ndi kachidutswa kochepa zedi, pakuti ekala ndi masikweya mita pafupifupi 4,047. Chikhomo cha pangodya yakumbuyo kumanja chinazulidwa, ndipo mukufuna kudziwa pamene chinali.

2 × 4,050 = 8,100

8,100 ÷ 60 = 135

135 − 80 = 55

Malire akumbuyo ndi mamita 55. Muimirire pa chikhomo chakumbuyo kumanzere, muyeze mamita 55 motsata malirewo, pamenepo ndiye pangodya. Mukafuna kutsimikiza, yezani malire opendekekawo kuchokera pamenepo kukafika pangodya yakumsewu. Kutsogolo kwapitirira kumbuyo ndi mamita 25, mpata ndi 60, ndiye mwa lamulo la Pythagoras 25² + 60² = 625 + 3,600 = 4,225, ndipo nambala imene ikadzichulukitsa yokha ipereka 4,225 ndi 65. Tepi ikakupatsani mamita 65, chikhomo chabwerera pamalo pake.

65 imeneyi ndiyo msampha waukulu. Munthu akapita kumunda ndi tepi amayeza pamene pali njira, ndipo njira imatsata malire. Akabwera ndi 65 n'kuiika pamalo a msinkhu, 8,100 ÷ 65 ipereka 124.6, ndipo akachotsera 80 atsala ndi 44.6. Walakwitsa msinkhu ndi mamita 5 okha, koma yankho laphonya ndi mamita opitirira 10. Chifukwa chake n'chakuti kulakwitsako kumagwera pa 135 yonse ija, pomwe 80 imachotsedwa yathunthu mmene ilili, ndiye cholakwa chonse chimasenzedwa ndi mbali yosowayo yokha. Msinkhu waphonya ndi magawo 8 pa 100 aliwonse, koma mbali yosowayo yaphonya ndi magawo pafupifupi 19. Mbali yosowayo ikamachepa poyerekeza ndi yodziwikayo, vutoli limakulirakulira. Mamita 10 pa malire a munda ndi mizere ingapo ya chimanga, yokwanira kufikitsa anthu kwa amfumu. Mbali yopendekeka nthawi zonse imakhala yaitali kuposa msinkhu, choncho amene waigwiritsa ntchito amapeza mbali yosowa yofupika kuposa yeniyeni. Papepala la mayeso msampha womwewu amautchera mwadala: ajambula trapeziyamu n'kulemba nambala pa mbali yopendekeka imene samuyo sikuifuna n'komwe. Mwana ayang'ane kabokosi kakang'ono kosonyeza madigiri 90. Mzere umene uli ndi kabokosiko pakati pa a ndi b ndiwo h, ngakhale chithunzicho atachigoneka chambali.

Eliya yozunguliza nayo imachita zomwezo. Wina akangonena kuti mundawo ndi mahekitala 0.4, ndiye kuti masikweya mita 4,000, pakuti hekitala imodzi ndi 10,000. Mukatsata njira yathu, 8,000 ÷ 60 ndi 133.3, kuchotsera 80 kutsala 53.3. Masikweya mita 50 amene anatayidwa pozunguliza asuntha chikhomo pafupifupi mamita awiri. Ndiye musanakhulupirire yankho funsani kuti eliyayo inachokera kuti. Ngati inangoyerekezedwa ndi maso kapena ndi mapazi, yankho lanu nalonso ndi loyerekeza, ngakhale kakyuleta italemba manambala asanu kuseri kwa kadontho.

Mpata wowongoka kumunda mumaupeza ndi njira ya amisiri omanga nyumba, ya 3, 4, 5. Tengani chingwe chosatamuka cha mamita 12, muike zizindikiro pa mamita 3 ndi pa mamita 7, mumange nsonga ziwirizo pamodzi. Pafunika anthu atatu. Awiri agwire nsonga za gawo la mamita 3, ligone motsata malire akumsewu. Wachitatu akoke chingwe pa chizindikiro cha mamita 7 mpaka magawo onse atatu, la 3, la 4 ndi la 5, atalimba. Ngodya ya pakati pa gawo la 3 ndi la 4 ndi madigiri 90 enieni. Khomani zikhomo pa nsonga ziwiri za gawo la mamita 4, kenako muyang'anire pa zikhomozo n'kumaimika ndodo mumzere womwewo kufikira malire akumbuyo, ndipo tepi itsate ndodozo. Pa munda wa mamita 60 ndi bwino kukulitsa thirayangoyo kukhala 6, 8, 10 ndi chingwe cha mamita 24, chifukwa kupendekeka pang'ono pa thirayango yaing'ono kumakula mukafika kutali. Ngati mundawo uli pamtsetse, tepi igwiridwe mopingasa pang'onopang'ono, isagone potsetserekapo, popeza eliya ya pa mapepala a malo imawerengedwa ngati malowo ndi athyathyathya.

Muyeze mpatawo kawiri, chakumanzere ndi chakumanja. Apa m'pamene mumadziwira ngati muli ndi trapeziyamu yeniyeni. Mukapeza 60 uku ndi 60 uko, kapena kusiyana kwa timasentimita, pitirizani. Mukapeza 60 uku ndi 52 uko, malirewo sakuyendera limodzi, ndipo fomula yathu ilibe ntchito pamenepo. Minda yambiri ya makolo ili choncho, mbali zinayi zosiyana popanda ziwiri za paralelo. Munda wotere muudule ndi chingwe kuchokera pangodya imodzi kukafika pa yoyang'anana nayo, mupeze mathirayango awiri, muwerenge iliyonse payokha ndi theka la utali wa chingwecho kuchulukitsa ndi msinkhu wake, muwonkhetse. Pali njira ina imene anthu amaikonda chifukwa ndi yachangu, yotenga avereji ya kutsogolo ndi kumbuyo n'kuchulukitsa ndi avereji ya m'mbali ziwirizo. Pa munda wathu uja ipereka 67.5 × 62.5, pafupifupi masikweya mita 4,219, kuwonjezera 169 amene kulibe. Njira imeneyi imalondola pa rekitango pokha, kwina konse imakulitsa munda, ndipo wogula ndiye amalipirira dothi losaoneka. Pa nkhani yogulitsa malo kapena mkangano wa malire, masamu athuwa akuthandizeni kudziwa ngati zimene mukuuzidwa zikumveka, koma zikhomo zovomerezeka amakhoma ndi oyeza malo a chilolezo, eni malire onse alipo.

Kudula ndi chingwe kuja kumaperekanso njira yachitatu pa samu ya mwana wanu, ndipo ana ena imawalowa kuposa zinazo. Mzere wochoka pangodya kupita pangodya umagawa trapeziyamu kukhala mathirayango awiri a msinkhu wofanana, 7. Ina yakhala pa mbali ya 15, ina yalendewera pa mbali yosowayo. Yoyambayo tikutha kuiwerenga: ½ × 15 × 7 = 52.5. Chotsala pa 84 ndi 31.5, ndipo imeneyo ndi eliya ya thirayango yachiwiri. Ichulukitseni ndi 2 mupeza 63, gawani ndi 7 mupeza 9. Onani kuti pano tayamba ndi kuchotsera, monga mmene mwana wanu ankafunira, koma tachotsera eliya pa eliya inzake.

Miyezo yosakanikirana imafuna diso, makamaka pa ntchito zokumba. Nenani kuti ngalande ya mamita 50 iyenera kutulutsa dothi la makiyubiki mita 33, kuya kwake masentimita 60, pamwamba pake mamita 1.6, ndipo wokumba akufunsa kuti pansi atambalitse bwanji. Nkhope ya ngalandeyo, imene mungaione mutaidula mopingasa, ndi trapeziyamu, ndipo eliya yake ndi 33 ÷ 50 = 0.66 m². Msinkhu pano ndi kuya. Musanachite china chilichonse sandutsani masentimita 60 akhale mamita 0.6. Mukatero 2 × 0.66 = 1.32, kugawa ndi 0.6 mupeza 2.2, kuchotsera 1.6 kutsala 0.6. Pansi pa ngalandeyo pakhale masentimita 60, ndipo khoma lililonse lilowe m'kati masentimita 50 ngati mbali zonse zapendekeka mofanana. Amene wasiya 60 mmene alili apeza 0.022, ndipo akachotsera 1.6 agwera kunsi kwa ziro. Amene wasankha kusandutsa zonse kukhala masentimita asamale ndi eliya: sikweya mita imodzi ndi masikweya sentimita 10,000, osati 100, chifukwa ndi 100 m'litali ndi 100 m'lifupi. Ndiye 0.66 m² ndi 6,600 cm², ndipo 13,200 ÷ 60 = 220, kuchotsera 160 kutsala 60.

Buku la mwanayo posachedwa limupatsa samu imene mbali zonse ziwiri sizikudziwika. Asachite mantha, masitepe awiri oyambirira ndi omwe aja. Eliya ikhale 90 cm², msinkhu 6 cm. Ndiye 2 × 90 ÷ 6 = 30, mbali ziwirizo pamodzi ndi 30, avereji yawo 15. Eliya ndi msinkhu zimathera pamenepa, sizingakuuzeni zambiri: 14 ndi 16, 10 ndi 20, 1 ndi 29, zonsezi zipereka 90 yomweyo. N'chifukwa chake funso limawonjezera mfundo ina. Likati mbali ina ndi yaitali kuposa inzake ndi masentimita 4, gawani 4 pawiri, mukwere 2 kuchokera pa 15 ndi kutsika 2, mupeza 17 ndi 13. Polemba, x + (x + 4) = 30, 2x = 26, x = 13. Likati mbalizo zili 2 : 3, gawani 30 m'magawo 5, gawo lililonse ndi 6, ndiye mbalizo ndi 12 ndi 18. Likati ina ndi kawiri inzake, magawo ndi 3, mbalizo ndi 10 ndi 20.

Usiku uno, makatoni aja ali patebulo, musiye eliya pa 84 ndi msinkhu pa 7, muzingosintha mbali yodziwikayo, mwanayo azinena inzake asanagwire cholembera. Mukati 20, ayankhe 4. Mukati 10, ayankhe 14. Mukati 12 ayankha 12, ndipo mumufunse kuti chinthucho chasanduka chiyani: mbali ziwiri zafanana, ndi paralelogalamu, ndipo fomula yabwerera ku utali kuchulukitsa ndi msinkhu. Mukati 24 ayankha 0, mbali yapamwamba yafota mpaka kukhala kadontho, chatsala ndi thirayango, ndipo ½ × 24 × 7 ndi 84 ndithu. Pomaliza nenani 30. Akakuuzani −6, afotokoze chifukwa chake trapeziyamu yotero singajambulike: thirayango yokha yokhala pa mbali ya 30 ndi msinkhu 7 ili kale ndi 105 cm², kupitirira 84 imene tapatsidwa, ndiye mbali yodziwika iyenera kukhala yochepa kuposa 2A ÷ h, imene pano ndi 24.